Kalata ya kuchipatala itamwalira mayi

Mayi atamwalira mu Okutobala, kutentha kwa kuchigwa kuno kuli pachimake, ndinalembera achipatala kalata yamasamba atatu. Munali ukali wokhawokha, mpaka mawu akuti "munawapha ndinu". Malume ataiwerenga anapukusa mutu: "Mphwanga, apa afufuza chiyani? Tsiku mulibe, wodi mulibe."

Ndinaing'amba. Ndinatenga buku lakuchipatala la malemuwo n'kukoperamo tsiku logonekedwa, wodi ndi mankhwala amene analembedwa. Kenako ndinalemba zimene ndinaona ndi maso anga basi: diripi inatha cha m'ma 9 koloko usiku, ndinakaitana anamwino kawiri, ina anadzaika 4 koloko m'mawa. Zoti diripiyo ndiyo inawapha sindinalembe, poti sindine dokotala. Ndinangofunsa kuti kuchedwako kunabwera bwanji. Ndinathokozanso anamwino amasana, amene ankawatembenuza mayi ndi kuwapukuta thukuta osanyinyirika.

Zonse zinakwana tsamba limodzi. Ndinachititsa fotokope, n'kukapereka kwa ombudsman wa pachipatalapo, amene amalandira madandaulo a anthu, ndipo yangayo anandisainira ndi kulembapo tsiku. Patatha masabata atatu anatiitana ine ndi malume kuti tikakumane ndi amatroni, fayilo ya mayi ili patebulo.