Momwe mungakonzere chidziwitso cha ntchito kuti chikope anthu oyenera

Tiyeni titenge chidziwitso ngati zomwe timaziona zitamatidwa pa mitengo ndi pa makoma pa Chitakale kapena pa Limbuli kuno ku Mulanje: "Tikufuna munthu wolimbikira wothandiza pa shopu. Malipiro tidzakambirana." Mwini holoselo amene walemba izi amafuna kalaliki wosunga katundu, koma amene amabwera ndi onyamula matumba, alonda ndi ana amene angolemba kumene mayeso a Fomu 4. Kalaliki wodziwa ntchito amangowerenga n'kudutsa, chifukwa mawu oti "wothandiza" amamuuza kuti azidzatumidwa chilichonse.

Poyamba, musanakhudze pepalalo, khalani pansi ndi mwini ntchito mumufunse kuti munthuyo azidzachita chiyani kuyambira potsegula mpaka potseka. Akayankha kuti "zonse za pa shopu", mufunseni zomwe anachita dzulo munthu amene akugwirizira ntchitoyo. Pa zomwe wanenazo sankhani zinayi kapena zisanu, chilichonse chiyambe ndi mneni: kulandira katundu ndi kumuwerenga molingana ndi invoisi, kulemba m'buku katundu wolowa ndi wotuluka, kuwerenga sitoko Loweruka lililonse, kupereka lipoti kwa manijala. Ngati azidzagwiranso ndalama, lembani, chifukwa imeneyo ndi ntchito ina ndipo ena saifuna. Dzina la ntchito likhale pamwamba: Kalaliki wa Sitoko.

Pa malipiro ndi pomwe zambiri zimasokonekera. Mabwana ambiri amakana kulemba ndalama poopa kuti antchito akale aona, kapena poganiza kuti apeza wovomera zochepa. Ngati akukana nambala imodzi, mupempheni malire awiri, mwachitsanzo K250,000 mpaka K300,000 pa mwezi, ndipo mulembe chimene chimasiyanitsa: wa zaka ziwiri pa ntchito ya sitoko ayambira pamwambapo. Malire otalikirana kwambiri, monga K150,000 mpaka K500,000, n'chimodzimodzi osalemba kanthu.

Nambala yokha siyokwanira. Nenani ngati ndalamayo ndi yosadulidwa kapena ndi yolowa m'thumba. Munthu akawerenga K250,000 amayembekezera K250,000 m'manja, koma pa ndalama imeneyo 5 peresenti ya penshoni, yomwe ndi K12,500, imachoka, kenako msonkho wa PAYE ngati malipirowo apyola malire a MRA. Bwana naye amaikapo 10 peresenti yake ya penshoni, koma imeneyo isaphatikizidwe pa nambala ya pa chidziwitso pofuna kuikometsa. Mukapanda kunena izi momveka, mkangano umabuka pa malipiro oyamba, munthu n'kusiya ntchito mwezi wachiwiri, inu n'kuyambiranso kumata mapepala. Choncho lembani kuti "K250,000 pa mwezi asanachotse msonkho ndi penshoni."

Zoonjezera zilembedwe pazokha. Nyumba ilipo kapena ayi? Chakudya cha masana? Wochokera ku Luchenza kapena ku Muloza amayamba wawerengera ya minibasi kapena ya kabaza tsiku lililonse asanaganize zofunsira, ndiye tchulani malo enieni a ntchito, osangoti "ku Mulanje". Komishoni musaisakanize ndi malipiro okhazikika. Mawu oti "mutha kupeza mpaka K400,000", pomwe okhazikika ndi theka lake, anthu odziwa ntchito amawazindikira msanga ndipo amathawa. Muonetsetsenso kuti nambala yanu siili pansi pa malipiro ochepetsetsa a boma. Amasinthasintha, ndiye funsani ku ofesi ya zantchito pa Boma.

Maola nawonso ndi gawo la malipiro. Lamulo la ntchito la 2000 limaika maola 48 pa sabata, ndipo opitirira apo pa tsiku wamba amalipidwa ola limodzi ngati ola ndi theka. Lembani masiku ndi nthawi: Lolemba mpaka Loweruka, 7:30 m'mawa mpaka 4:30 madzulo, ola limodzi lopuma. Nenaninso ngati ntchito ndi yokhazikika kapena ya nyengo. Kuno anthu anazolowera ntchito za m'maesiteti a tiyi zomwe zimachuluka nthawi ya mvula n'kutha, ndiye mukapanda kunena amaganiza kuti nayonso ndi yotero.

Zoyenereza zichepe: MSCE yokhala ndi masamu, chaka chimodzi pa ntchito ya sitoko, basi. Mukafuna dipuloma pa malipiro amenewa mungothamangitsa anthu. Fufutani "mtsikana wooneka bwino", "wosakwatiwa" kapena mtundu wa munthu, chifukwa lamulo limaletsa tsankho polemba ntchito.

Kumapeto ikani dzina la bizinesi, komwe makalata akaperekedwe, tsiku lotsekera, ndi mzere woti "Kufunsira ndi kwaulere." Mzere umenewu ndi wofunika chifukwa pali akamberembere amene amajambula chidziwitso chenicheni, kusintha nambala ya foni, n'kumauza anthu pa WhatsApp kuti atumize ya fomu. Pemphani mafotokope okha, osati masatifiketi enieni. Mukatha, patsani munthu wosadziwa shopuyo awerenge, kenako mumufunse ntchito yake, ndalama yake ndi tsiku lotsekera. Pomwe wakakamira, bwererani pomwepo.