Zitatu za mawa musanaweruke

"Ndikafika ku ofesi m'mawa ndimataya ola lathunthu ndikungotsegula maimelo, osadziwa poyambira. Ndizitani ndisanaweruke?"

Tcherani alamu ya foni kuti izilira patatsala mphindi 15 kuti muweruke. Ikalira musayambenso china, ndipo maimelo muwatseke.

Kenako onani kalendala ya mawa. Ngati misonkhano idya maola anayi, nthawi yanu ndi theka la tsiku basi, ndiye zosankha zanu zikwane m'menemo.

Tsopano lembani ntchito zitatu pakapepala. Apa m'pamene ambiri timaphonya, chifukwa timalemba mutu wokha. Ine ndinkangolemba kuti "lipoti la mwezi", m'mawa n'kumaliyang'ana ngati phiri. Lero ndimalemba kuti: "Kuphatikiza malisiti a mafuta a sabata yatha, ali mu envelopu ya khaki m'dirowa yachiwiri." Chiganizo chiyambe ndi chochita, chinenenso pomwe pali zipangizo. Ntchito imene singathe m'maola awiri iduleni, mulembe chigawo choyamba chokha.

Ya nambala 1 ikhale imene ingakuvutitseni ikapanda kutha, komanso yosadikira munthu. Yofuna siginecha ya abwana ipite pansi, poti iwo mwina afika masana.

Pomaliza ikani kapepalako pamwamba pa kiyibodi, muthimitse kompyuta, muzipita. M'foni ayi, muli WhatsApp m'menemo.

Mukaona ntchito imodzi yabwerera pakapepala masiku atatu otsatizana, ndiye kuti yakula kwambiri kapena pali amene mukumudikira. Ngati nkhani yake ndi yodikira munthu, lembani zomufunsa, monga "Kuimbira a ku akaunti 8 koloko."