Mwauza ajenti pakamwa? Simunakonze kanthu

Nyengo ino yotuta mbatata yakachewere, malole ambiri ochokera ku Tsangano ndi ku Ulongwe akutsikira ku Tete atanyamula matumba, ndipo eni ake ena ayamba kulira ndi makampani a inshuwalansi, yomwe kuno timaitcha segulo. Vuto lake ndi limodzi. Pa fomu yopemphera inshuwalansi pali funso lakuti munapemphapo chipukuta misozi m'zaka zapitazi, ndipo anthu akuyankha kuti ayi pamene anapemphapo.

Ambiri sachita dala. Wina amaganiza kuti ngozi yaing'ono siwerengedwa, wina kuti poti inali kampani ina palibe chowauzira atsopanowa, winanso amati anandikaniza ndalamazo ndiye palibe chimene ndinalandira. Funsolo likufuna zonsezi, malinga zili m'zaka zimene fomuyo yatchula. Pempho lokanidwa ndi pempho ndithu. Koma chotopetsa kwambiri ndi chizolowezi chosainira fomu imene wadzaza ndi ajenti, osaiwerenga, ngati kuti inshuwalansi ndi pepala longoonetsa apolisi pamsewu. Siginecha ndi yanu, choncho yankholo ndi lanu.

Kampani imawerengera mtengo potengera zimene mwaiuza. Malamulo a inshuwalansi a Mozambique, omwe anakhazikitsidwa mu 2010, amasiyanitsa wobisa mwadala ndi wolakwitsa mosasamala. Wobisa mwadala mgwirizano wake umagwa, salipidwa, ndipo ndalama zimene anapereka sizibwerera. Wosasamala chipukuta misozi chake chimadulidwa molingana ndi kuperewera kwa zimene analipira. Tiyerekeze kuti munalipira mametikali 30,000 pachaka, pamene mukanaulula ngozi yakaleyo mukanalipira 40,000. Mwalipira magawo atatu mwa anayi. Lole ikagubuduzika n'kuwonongeka zokwana 200,000, kampani ipereka zosaposa 150,000, ndipo 50,000 yotsalayo ituluka m'thumba mwanu, kuwonjezera pa gawo lija limene mwini galimoto amadzilipirira yekha pa ngozi iliyonse. Kampani ikasonyeza kuti ikanadziwa zoona sikanakulandirani n'komwe, ngakhale 150,000 ija palibe.

Mlimi wina wa ku Angonia, mwini kalole ka matani atatu, anakumbukira patapita mwezi kuti chaka chathachi kampani ina inamulipira galasi ndi bampala atagunda ng'ombe. Anaimbira ajenti, ndipo ajentiyo anati, "Musadandaule bambo, zimenezo n'zazing'ono, ndiziona." Mlimiyo anagona tulo. Lole itagwa pamtsetse, kampani inatulutsa fomu ili ndi "ayi" wake uja, ndipo ajenti anati sakukumbukira kuti anaimbiridwapo foni. Mawu apafoni salowa m'faelo. Munthuyu anachita chilungamo koma analibe pepala losonyeza chilungamocho, ndipo kalata yolembedwa ngozi itachitika kale kampani imaiona ngati ya munthu amene wagwidwa.

Ndiye lembani lero, galimoto ikadali yabwinobwino. Kalatayo ikhale m'Chipwitikizi, yopita ku kampani yeniyeniyo, ndipo isainidwe ndi amene dzina lake lili pa mgwirizano, osati dalaivala kapena mlamu. Pamwamba ikani deti, nambala ya mgwirizano wa inshuwalansi ndi nambala ya galimoto. Tchulani tsiku limene munasaina fomu, funso limene munalakwitsa ndi yankho limene munapereka, kenako yankho loona: ngozi inachitika liti, chinachitika n'chiyani, kampani yake inali iti, inalipira zingati kapena inakana pa chifukwa chanji. Ngati ngozi zinali ziwiri lembani zonse, chifukwa kuulula imodzi n'kusiya inayo kumaoneka ngati kubisa kwadala. Chifukwa cholakwitsira chikhale chiganizo chimodzi choona, osati tsamba lonse lopepesa. Ngati deti kapena ndalama mwaiwala, musalote. Pemphani kalata ya mbiri ya ngozi zanu ku kampani yakale n'kuimata pamenepo.

Pomaliza pemphani kuti akuyankheni molemba ngati inshuwalansi ikupitirira komanso pa mtengo wanji. Tengani makalata awiri ofanana, imodzi akudindireni chidindo chokhala ndi deti ndipo mubwerere nayo kunyumba. Akhoza kukweza mtengo, kukweza gawo lodzilipirira kapena kuthetsa mgwirizano. Yankho lawo likatchula masiku oti muvomere, musawadumphe, chifukwa kukhala chete kungathetse inshuwalansi lole ili pamsewu. Akakhala osayankha, tumizaninso kalata yokumbutsa, ndipo zikakanika dandaulo limapita ku bungwe loyang'anira makampani a inshuwalansi m'dziko muno, pamodzi ndi kalata yanu yodindidwa ija.