Kufananitsa mayina, masiku ndi manambala mu lipoti lalitali

Funso: Lipoti lathu la usodzi m'boma la Mangochi lili ndi zigawo 12, alembi osiyanasiyana. Ndiwone bwanji ngati zonse zikugwirizana?

Musayambe ndi kuwerenga mutu ndi mutu. Choyamba tsegulani pepala lina, mulembepo dzina, tsiku ndi nambala iliyonse yofunika, kalembedwe kamodzi kovomerezeka, ndi kumene kwachokera.

Kenako tengani mayina okha. Ndi Ctrl+F funafunani chidutswa cha dzina, monga "Mak", kuti Makanjira ndi Makanjila zonse zituluke. Musathamangire Replace All, imawononga mawu ena.

Masiku ndiye amanyenga. 03/04/2023 wina awerenga 3 Epulo, wina 4 Malichi, choncho lembani mwezi m'mawu paliponse. Onaninso ngati wina akuwerengera chaka cha ndalama cha boma, choyamba pa 1 Epulo, pamene mnzake akuyambira Januwale.

Manambala musiyireni nthawi yokwanira. Tinene kuti chidule chikuti mabwato 340, koma tebulo likuonetsa Malindi 180 ndi Monkey Bay 150. Phatikizani nokha, apezeka 330. Kawirikawiri tebulo linakonzedwa, chidule nkuiwalika. Musasankhe nambala yokukomerani, bwererani ku mafomu akumunda.

Mukakonza, funafunaninso nambala yakaleyo, ndi m'mitu ya matebulo momwe.