Momwe mungayendetsere geni ya nkhuku muli pantchito, mpamba osathera m'poto

Nkhuku za nyama zimakopa anthu a pantchito chifukwa zimakula m'masabata asanu ndi limodzi, ndipo ogula muli nawo kale ku ofesi. Vuto ndi lakuti khola lili kuseri kwa nyumba yomwe mukukhala, ndiye ndiwo zikasowa aliyense maso amakhala komweko.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Mitengoyi ndi yongoyerekeza, inu muikepo ya kwanu. Anapiye 50 mwagula K100,000. Nkhuku imodzi imadya pafupifupi makilogalamu 4 kufikira pogulitsa, choncho pakufunika matumba anayi a makilogalamu 50, tinene K380,000. Katemera wa chitopa ndi gumboro, makala otenthetsera anapiye, utuchi ndi thiransipoti zatenga K90,000. Mpamba wonse ndi K570,000. Zitatu zafa, zatsala 47, ndipo pa K15,000 imodzi muyenera kutolera K705,000. Phindu ndi K135,000 basi.

Tsopano onani momwe limasungunukira. Kunabwera apongozi, kenako alendo a kutchalitchi, mwapha zinayi: K60,000. Anzanu atatu a ku ofesi anatenga pangongole ndipo mpaka lero akuti “mwezi uno zandivuta”: K45,000. Magetsi anatha usiku, munagula mayunitsi a K40,000 ndi ndalama ya nkhuku poti ndi imene inali pafoni. M'manja mwatsala K560,000, yosakwana ngakhale mpamba munayambira uja, pomwe thumba la chakudya mwina lakwera kale. Palibe amene waba.

Choyamba, ndalama ya geni ikhale ndi nyumba yake. Ngati zapakhomo mumayendetsera pa Airtel Money, tsegulani Mpamba ya TNM ikhale ya nkhuku zokha, kapena mosinthanitsa. Ogula onse apatseni nambala imeneyo. Wolipira ndalama pamanja, kaikeni kwa ejenti tsiku lomwelo, chifukwa ikagona m'chikwama mawa igula tomato. Nambalayi musalipirire magetsi kapena madzi, ndipo musaitchule kwa abale akumudzi.

Chachiwiri, mpamba wochokera kumalipiro anu muulembe ngati ngongole. Patsamba loyamba la kope lembani tsiku ndi mawu akuti “Ndabwereka bizinesi K570,000.” Mukawonjezera ina pakati panjira, mwina chakudya chatha sabata yachisanu, lembaninso. Mukapanda kutero malipiro amakhala akubisa kuluza, inu n'kumadzitama kuti geni ikuyenda.

Chachitatu ndi chimene chimavuta, ndipo ine chinanditengera magulu atatu a nkhuku kuti ndichizolowere: nyumba igule ngati kasitomala wina aliyense. Mukufuna nkhuku ya Lamlungu? Tumizani K15,000 kuchokera ku nambala ya pakhomo kupita ku ya bizinesi, nkhuku isanaone mpeni. Poyamba akunyumba anandiseka kuti ndikudzigulitsa nkhuku zanga zomwe. Koma titayamba kulipira tinazindikira kuti masiku ena usipa ukukwana. Nkhaniyi mukambirane ndi amuna anu kapena akazi anu anapiye asanafike, osati mlendo ali kale pakhonde. Bizinesi nayo izilipira zomwe yatenga m'nyumba. Ngati yagwiritsa theka la thumba la makala a kukhitchini, kapena babu la kukhola layaka usiku wonse kwa masabata awiri, gwirizanani mtengo ndipo ibweze.

Za ngongole ndifupikitse. Anzanu a kuntchito amalandira tsiku limodzi ndi inu, ndiye werengerani masabata asanu ndi limodzi chambuyo kuti nkhuku zikhwime malipiro atangotuluka. Zikakhwima pakati pa mwezi mudzakakamizika kukongoza, apo ayi muzidyetsabe nkhuku zoti zakula kale. Wokongola mulembe dzina ndi tsiku lobweza, ndipo ndalamayo musaiwerenge ngati phindu isanalowe.

Nkhuku yomaliza ikagulitsidwa, m'pamene mugawe. Yambani mwafunsa mtengo wa lero wa anapiye ndi chakudya, osati wa mwezi wathawu, n'kupatula mpamba wa gulu lotsatira. Ngati tsopano ukufunika K600,000, pa K705,000 ija patsala K105,000. Pamenepo tengani gawo lomwe munagwirizana, tinene theka, mulitumize ku nambala ya pakhomo kamodzi kokha ngati malipiro anu. Inayo ikhale yodikira tsoka, pakuti chitopa chikalowa chimatha kusesa khola lonse.

Nanga mwana akadwala usiku, ndalama ili ku nkhuku yokha? Tengani, musachedwe. Koma m'mawa lembani m'kope kuti nyumba yabwereka, ndipo pa tsiku la malipiro ngongole imeneyi iyambe kubwezedwa musanalowe m'sitolo.

Loweruka lililonse khalani pansi ndi kope ndi foni, muyerekeze zomwe kope likunena ndi balansi ya pafoni, kenako mukawerenge nkhuku m'khola. Kope likati zatsala 30 koma mwapeza 28, funsani tsiku lomwelo, anthu akadakumbukira zomwe zinaphikidwa Lachitatu.