Shopu ikapsa, mungadziwe bwanji mtengo wa katundu amene anapsa?

Moto ukanyeketsa golosale, aliyense amene angakuthandizeni, kaya ndi a inshuwalansi kapena amene anakukongozani mpamba, amafunsa funso limodzi: munali katundu wa ndalama zingati? Phulusa simungaliwerenge. Komabe ngati mapepala ena anapulumuka, chiwerengerocho chimapezeka kudzera pa phindu limene mwakhala mukupeza m'mbuyomu.

Tiyerekeze mayi wina wa golosale ku Chinamwali. Anawerenga katundu komaliza pa 31 Disembala, napeza wa K2,400,000 pa mtengo wooda. Moto unabuka pakati pa Epulo. M'miyezi imeneyo anaoda katundu wa K9,000,000 ku Limbe ndi m'maholoselo a m'tauni ya Zomba, nalipira K300,000 ya thiransipoti, nabweza katundu woonongeka wa K100,000. Kuphatikiza zitatu zoyambazo n'kuchotsa wobwezedwayo, katundu yense amene anadutsa m'shopumo ndi wa K11,600,000. Malisiti akapsa musataye mtima. Maholoselo amasunga makope, ndipo zomwe munalipira kubanki, pa Airtel Money kapena pa Mpamba zimaoneka mukapempha sitetimenti.

Tsopano tichotse amene anagulitsidwa. Kope la mayiwa likuonetsa malonda a K11,000,000, koma imeneyi ndi mitengo yogulitsira, muli phindu m'kati. Simungaichotse pa mtengo wooda musanachotsemo phindulo. Apa ndi pamene mabuku a chaka chatha amagwira ntchito. Chaka chathacho anagulitsa za K30,000,000, ndipo katunduyo anamuoda pa K24,000,000. Phindu la K6,000,000 ndi 20 peresenti ya malonda, kutanthauza kuti pa K100 iliyonse yolowa m'kabati, K80 inali ya katundu. Phindu tikunenali ndi lija musanalipire lendi, magetsi ndi wantchito. Choncho pa K11,000,000 ija, katundu amene anatuluka ndi wa K8,800,000.

Pali winanso amene anatuluka osadzera pa kauntala: shuga, sopo ndi mafuta ophikira zopita kunyumba. Mayiwa ankalemba, zinakwana K200,000 pa mtengo wooda. Tikachotsa K8,800,000 ndi K200,000 pa K11,600,000, patsala K2,600,000. Ameneyu ndiye katundu amene anayenera kukhalamo usiku wa moto. Anansi anapulumutsa makatoni osapsa a K350,000, ndiye amene anapsa ndi wa K2,250,000.

Pamene ambiri amapunthwa ndi pa peresenti. Mukawafunsa mayiwa angakuuzeni kuti, "Ine ndimaikapo 25 peresenti." Sakunama. Chinthu chooda K8,000 amagulitsa K10,000. K2,000 imeneyo ndi 25 peresenti ya mtengo wooda, koma ndi 20 peresenti ya mtengo wogulitsira. Mukachotsa 25 peresenti pa K11,000,000 mupeza K8,250,000, ndipo katundu wopsa akwera ndi K550,000 yomwe kunalibe. Woyeza wa inshuwalansi akaona zimenezi amayamba kukayikira mapepala anu onse. Dziyeseni nokha: tengani mtengo wooda wa katundu wogulitsidwa umene mwapeza, muikepo phindu lija mmene mumaikira tsiku ndi tsiku. K8,800,000 mukaikapo 25 peresenti ikubwerera pa K11,000,000 ndendende. Ikapanda kubwerera, mwasokoneza.

Malonda osalembedwa nawonso amatupitsa chiwerengero. Amene anatenga pa ngongole kuti adzalipira pa mapeto a mwezi, katundu wawo anatuluka kale, ayenera kuwerengedwa ngati wogulitsidwa ngakhale ndalama sinabwere. Chimodzimodzi zomwe wantchito ankasolola moto usanabuke: masamuwa amaziika m'gulu la zopsa chifukwa sadziwa kusiyanitsa.

Njirayi imadalira kuti phindu la chaka chino n'lofanana ndi lakale, ndipo kwathu kuno zimenezo sizichitika nthawi zonse. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo yooda inalumpha, ndipo amene anachedwa kukweza mitengo ya pa shelefu phindu lawo linatsika. Ngati mayi athu aja kwenikweni ankapeza 15 peresenti, katundu wogulitsidwa ndi wa K9,350,000, ndipo wopsa atsika kufika pa K1,700,000. N'chifukwa chake ine ndimati onani zaka ziwiri kapena zitatu, kenako tengani zinthu khumi zoyenda kwambiri, muyerekeze mtengo wa pa lisiti lomaliza ndi umene munkagulitsira sabata ya motoyo. Ngatinso mumagulitsa zinthu zosiyana phindu, monga shuga wa phindu lochepa ndi mafuta odzola a phindu lambiri, gulu lililonse liwerengereni palokha.

Zonsezi zimayambira pa kuwerenga katundu komaliza kuja. Kope limenelo ndi la malonda zisamagone m'shopu. Pitani nazo kunyumba, kapena muzijambula masamba ake pa foni Loweruka lililonse.