Lekani kuthira mndandanda wa katundu mu SharedPreferences

Disembala wayandikira, anthu kuno ku Joni ali kalikiliki kutumiza katundu kumudzi, ndipo anyamata athu akulembera oyendetsa mathiraki timapulogalamu ta pafoni. Tomwe ndaona chaka chino tili ndi nthenda imodzi. Wotumiza, wolandira, makilo, ndalama, zonse akuzisandutsa JSON n'kuziponya pa kiyi imodzi mu SharedPreferences. Achimwene, chizolowezi chimenechi chithe.

SharedPreferences ndi fayilo ya XML. Android amaiwerenga yonse ikatsegulidwa koyamba, ndipo mukaitana `apply()` kapena `commit()` amailembanso yonse. Tiyerekeze kuti muli ndi makatoni 2,000, iliyonse mabayiti 300. Pamenepo ndi mabayiti 600,000. Katoni imodzi ikafika ku Mangochi, kuti mungolemba kuti yafika, foni imasule JSON yense, isinthe kamodziko, imangenso, ilembe zonse. Ena amati `apply()` sadikira. Zoona, koma Activity, yomwe ndi sikirini ya pulogalamu, ikamaima Android amadikira kuti zolembazo zithe, ndiye pa foni yotchipa sikirini imauma mpaka ANR, uthenga uja woti pulogalamu sikuyankha.

Kuchedwa n'kopiririka. Choopsa ndi kutayika kwa zolemba. Bambo wina wonyamula katundu pafupi ndi Park Station anandiuza mokwiya kuti, "Mayi aja analipira R450 ine ndikuona, koma m'foni mulibe. Ndinabweza ya m'thumba mwanga." Titafufuza tinapeza kuti mbali ziwiri za pulogalamuyo zinawerenga mndandanda nthawi imodzi, iliyonse n'kuonjezapo chake, ndipo yomaliza kulemba inafufuta za inzake. Palibe uthenga uliwonse unatuluka. Chizindikiro chake n'chimenechi: chiwerengero cha m'foni chimachepera cha m'buku la malisiti, makamaka tsiku lotanganidwa.

Nanga tsiku lomwe bwana adzati muonjeze nambala ya thiraki pa katundu aliyense? Zakale zija zidzabwera ndi `null`, pulogalamu n'kugwa. Musandiuze kuti "tinaphunzira choncho". SharedPreferences ndi thumba la malaya, silisenza chimanga. Ikanimo chinenero chomwe munthu wasankha, kukula kwa zilembo, kaya akufuna kuona mitengo mu randi kapena kwacha. Ndi timfundo timodzitimodzi tomwe sitichuluka, ndipo titatayika palibe angalire. Pa pulogalamu yatsopano gwiritsani DataStore, yomwe Google akulimbikitsa m'malo mwake.

Chilichonse chomwe chimakula tsiku ndi tsiku, chomwe mudzafuna kusefa, kusanja kapena kuwonkhetsa, chipite mu Room, yomwe imakhala pamwamba pa SQLite. Katoni iliyonse ikhale mzere wake:

```kotlin
@Query("UPDATE katundu SET yafika = 1 WHERE id = :id")
suspend fun lembaYafika(id: Long)
```

Apa mwakhudza mzere umodzi basi. Kulemba malipiro ndi katundu pamodzi kukhale mu `@Transaction`, ndipo mukasintha tebulo lembani `Migration`. Pewani `fallbackToDestructiveMigration()` chifukwa imafufuta zonse. Omwe mwalakwitsa kale, werengani JSON uja kamodzi, lowetsani mu Room, fananizani chiwerengero cha mizere, kenaka ndiye muchotse kiyi yakaleyo.